Woyimba amene simumukonda n'komwe wakhala bwanji woyamba pa chidule chanu cha chaka?

Novembala akamatha kapena Disembala akangoyamba, mapulogalamu omverera nyimbo amatulutsa chidule cha zimene munthu wamvera chaka chonse. Ku Spotify amachitcha Wrapped, ndipo chakhala chikutuluka ndi dzina limeneli kuyambira 2016. Ku Apple Music ndi Replay, ku YouTube Music ndi Recap. Chikangotuluka, dandaulo limakhala lomwelomwelo chaka ndi chaka: woyimba amene mumamukonda kwambiri ali pa nambala 3 kapena palibiretu, pomwe pamwamba pakhala wina amene simukumbukira kuti munasankhapo nyimbo yake ngakhale kamodzi.

Nthawi zambiri makinawo sanalakwitse kuwerenga. Chimene chachitika n'chakuti inu mukufunsa kuti ndinakonda ndani, pomwe iwo ayankha funso lina: ndi nyimbo za ndani zimene zinalira maulendo ambiri pa akaunti iyi, m'miyezi imene tinkawerenga? Ndikamba kwambiri za Spotify chifukwa imakulolani kutenga mbiri yonse ya zimene munamvera n'kudziwerengera nokha.

Masekondi 30 amakwana

Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa ikangolira masekondi 30. Ikapyola pamenepo yalowa m'kaundula, kaya munaimaliza kaya munaidumpha pa sekondi ya 31. Ikalephera kufika pamenepo siwerengedwa. Ndipo mndandanda wa nyimbo zapamwamba ndi wa oyimba apamwamba umatsatira kuchuluka kwa maulendo amenewa, osati kutalika kwa nthawi imene munakhala mukumvetsera. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti chidule chomwecho chimaonetsanso mphindi, ndiye munthu amangoganiza kuti mphindizo ndi zimene zasanja oyimbawo.

Tiyeni tipange chitsanzo, manambala ake ndi ongoyerekeza. Muli ndi woyimba amene mumamukonda, amene nyimbo zake ndi zazitali, iliyonse mphindi 8. Mumakhala pansi madzulo n'kumumvetsera modekha, ndipo chaka chino nyimbo zake zalira maulendo 300. Zimenezo ndi mphindi 2,400, kapena kuti maola 40 athunthu.

Ndiye pali kanyimbo ka mphindi 2 kamene mwana wanu amafuna kalire m'mawa uliwonse, ndipo kakatha amati kabwerezedwe. Kamalira maulendo 5 patsiku, ndipo zimenezi zachitika masiku 120. Ndi maulendo 600, koma nthawi yake ndi mphindi 1,200 zokha, theka la nthawi imene munapatsa woyimba wanu uja. Pa chidule, woyimba kanyimbo ka mwanayo ndi amene akhale woyamba, ndipo apambana mowirikiza kawiri. Makinawo sananame. Nyimboyo inaliradi maulendo 600.

Pali wachitatu amene amadabwitsa kuposa onsewa. Muli ndi mndandanda wa nyimbo umene mumayatsa mukamayamba ntchito, ndipo nyimbo yoyamba pamenepo inakutopetsani kalekale. Mumadina kuti ziyambe, mumaika foni pambali, mumakonza zina, kenako mumazindikira kuti ndi ija n'kuidumpha. Pofika pamenepo yalira masekondi 40. Mukachita zimenezi maulendo 200 pachaka, nyimbo imene simunaimalizepo ngakhale tsiku limodzi ili ndi maulendo 200, ngakhale kuti nthawi yake yonse ndi maola awiri ndi mphindi pang'ono. Woyimba wanu wokondedwa uja maulendo ake 300 anagawikana pa nyimbo zake 30, iliyonse pafupifupi maulendo 10. Choncho pa mndandanda wa nyimbo zapamwamba sadzaoneka n'komwe, ndipo nyimbo imene munkaithawa ndi imene idzakhale pa nambala 2.

Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuona. Ngati woyimba wosayembekezekayo ali ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri zokha zimene mumazidziwa, ndipo ndi zazifupi kapena zili koyambirira kwa mndandanda umene mumayatsa kawirikawiri, musavutike kufufuza kwina. Mankhwala ake ndi kuchotsa nyimboyo pamndandandapo kapena kuitsitsira pansi.

Chaka chake si cha miyezi 12

Kuti chidule chituluke kumayambiriro kwa Disembala, kuwerenga kuyenera kutsekedwa nthawi isanakwane. Spotify imayamba kuwerenga pa 1 Januwale n'kusiya patatsala masabata ochepa kuti chidule chituluke. Mu 2023 chinatuluka pa 29 Novembala, mu 2024 pa 4 Disembala. Zimene munamvera kuchokera pamene anatseka mpaka pa 31 Disembala sizilowa m'chidule cha chaka chimenecho, ndipo m'cha chaka chotsatira sizilowanso, chifukwa icho chimayambira pa Januwale.

Apa ndi pamene chikumbumtima chathu chimatipusitsa. Chimbale chimene chinatuluka mu Okutobala n'kukusangalatsani ndi chimene chili m'mutu mwanu pamene mukutsegula chidule, ndipo mumaona ngati mwakhala nacho chaka chonse. Koma chinali ndi masabata ochepa okha oti chisonkhanitse maulendo, pomwe nyimbo imene munkabwereza mu Febuluwale ndi Malichi, imene munaiwala kalekale, maulendo ake anasungidwa onse. Ine ndimaona kuti theka la madandaulo a anthu limathera pomwepa: Febuluwale amaiwalika.

Ndani winanso amene ankamvera?

Akaunti siidziwa makutu. Imangodziwa kuti nyimbo ikulira pa dzina lanu. Ngati munalowa pa akaunti yanu pa wailesi yakanema ya pabalaza, pa sipika imene banja lonse limagwiritsa ntchito, m'galimoto, kapena pa kompyuta ya mnzanu n'kuiwala kutuluka, zonse zimene zinalira kumeneko zalembedwa kuti ndi inu. Chimodzimodzi tsiku limene foni yanu ndi imene inkayimba pa phwando kwa maola 6.

Palinso womvera wina amene anthu samuganizira, ndiye tulo. Chimbale kapena mndandanda ukatha, pulogalamuyi siima ngati `Autoplay` ili yoyatsa. Imapitiriza ndi nyimbo zofanana ndi zimene zimalirazo, zimene yasankha yokha. Mukagona nyimbo zikulira n'kudzuka patapita maola 7, ndipo nyimbo iliyonse ndi ya mphindi 3, usiku umodzi wokhawo wawonjezera maulendo 140. Zikachitika mausiku 10 pachaka ndi maulendo 1,400, ndipo popeza pulogalamuyi imakonda kubwerera kwa oyimba omwewo ikamasankha yokha, mmodzi wa iwo angathe kukwera mpaka pamwamba inu musanamumvepo muli maso. Ngati nyimbo imodzi inatsala ili pobwereza usiku wonse, ndiye basi, nkhani yatha.

Njira yachangu yoonera ngati vuto ndi limeneli ndi kutenga mphindi zonse zimene chidule chakupatsani n'kuzigawa ndi masiku. Kuchokera pa 1 Januwale kufika pakati pa Novembala ndi masiku pafupifupi 320. Mphindi 60,000 zikutanthauza maola atatu ndi mphindi zochepa tsiku lililonse, zimene n'zotheka kwa munthu womvera nyimbo akugwira ntchito. Koma mukaona mphindi 150,000, amenewo ndi pafupifupi maola 8 tsiku lililonse osapumira. Ngati mukudziwa kuti simumvera choncho, pali wina kapena chinachake chimene chikukumvererani.

Kukonza kwake kuli pawiri. Pa za tulo, zimitsani `Autoplay` m'makonzedwe a pulogalamuyi, ndipo muzigwiritsa ntchito `Sleep timer` kuti nyimbo zizizima zokha. Pa za anthu ena, lowani pa tsamba la akaunti yanu pa intaneti, musinthe pasiwedi, kenako mudine `Sign out everywhere`. Samalani apa: batani limenelo limatulutsa mafoni ndi makompyuta, koma zipangizo zina monga masipika, mawailesi akanema ndi makina amasewera zimatha kutsalira zili zolumikizika. Zimenezo muzichotse pa `Manage apps` pa tsamba lomwelo. Mukapeza m'mbiri yanu nyimbo za mitundu imene m'nyumba mwanu mulibe amene amaimvera, ganizirani kuti pasiwedi yanu inafika kwa munthu wachilendo, ndipo musinthe tsiku lomwelo.

Zimene munamveradi koma sizinawerengedwe

Vuto limabweranso kuchokera mbali inayo: si kuti wosayembekezekayo wakwera, koma wokondedwayo wachotseredwa. Nyimbo zimene munaika nokha kuchokera m'mafayilo a pa foni kapena pa kompyuta, zimene Spotify imazisonyeza pa `Local Files`, zimalira m'pulogalamuyi koma sizichokera m'nkhokwe yake, choncho m'chidule sizipezekamo. Zimene munamvera mutayatsa `Private Session` sizilowa pa mindandanda ya apamwamba, ndipo n'chimodzimodzi ndi mndandanda umene munaudinira `Exclude from your taste profile`. Ku Apple Music kuli kofanana nako, `Use Listening History`. Kakakhala kozimitsa pa chipangizo china, zimene mumamvera pa chipangizocho Replay siziona.

Zinthu ziwiri za Spotify zimenezi ndi zida zanunso za chaka chamawa. Nyimbo za ana, zogonera, kapena zimene mumayatsa kuti zingomveka chapansipansi mukuwerenga, ziikeni pa mndandanda wawokha n'kuupatula ndi `Exclude from your taste profile`. Mukamapereka foni kwa ena pa phwando, yatsani `Private Session`, koma dziwani kuti imazima yokha pakapita maola angapo, ndiye si yoyatsa kamodzi n'kuiwala.

Nanga zomvera popanda intaneti? Zimawerengedwa. Foni imasunga mbiriyo n'kuitumiza ikalumikizananso ndi intaneti. Zimangotayika ngati mwafufuta pulogalamuyi kapena foni yawonongeka isanatumize, ndipo zimatha kuchedwa ngati munakhala masabata osalumikiza nthawi yotseka kuwerenga itayandikira.

Kagawidwe ka maina nakonso kamadya maulendo a munthu. Nyimbo imodzi imatha kupezeka kangapo: yojambulidwa mu situdiyo, yoyimbidwa pamaso pa anthu, yosakanizidwanso ndi wina. Kwa inu ndi nyimbo imodzi, kwa makina ndi zitatu, ndipo maulendo 90 ogawikana patatu amagonja kwa nyimbo ya maulendo 40. Ngati woyimba wanu amakonda kuitanidwa pa nyimbo za anzake, gawo lalikulu la ulemu limapita kwa mwini nyimbo amene dzina lake lili koyamba. Mungakhale kuti munkatsatira mawu a mlendoyo, koma amene wakwera ndi mwini nyumba.

Kudziwerengera nokha

Zonse zimene ndanenazi ndi zongokayikira mpaka mutaona mbiri yeniyeni. Pa tsamba la akaunti yanu ya Spotify, pagawo la zachinsinsi, pali malo otchedwa `Download your data`. Musankhe `Extended streaming history`, chifukwa ndi imene ili ndi mbiri yonse kuyambira tsiku limene munatsegula akaunti komanso tsatanetsatane amene tikumufuna. Adzakutumizirani imelo yoti mutsimikize, ndipo amanena kuti zingatenge mpaka masiku 30, ngakhale nthawi zambiri zimafika msanga. Mudzalandira mafayilo amene maina awo amayamba ndi `Streaming_History_Audio`.

M'mafayilomo ulendo uliwonse umene nyimbo inalira uli ndi mzere wakewake. `ts` ndi nthawi imene nyimboyo inasiya kulira, ndipo imalembedwa pa nthawi ya padziko lonse yotchedwa `UTC`, choncho muwonjezere kapena kuchotsera maola a kwanuko musanagamule kuti unali usiku. `ms_played` ndi kutalika kwa nthawi imene inalira, m'timagawo 1,000 pa sekondi iliyonse, ndiye masekondi 30 ndi 30000. `platform` imanena mtundu wa chipangizo, ndipo `conn_country` imanena dziko limene chipangizocho chinali.

Amene ali ndi Python pa kompyuta aike mizere iyi m'fayilo, m'foda momwe muli mafayilo aja, asinthe chaka kuti chigwirizane ndi chimene akufufuza:

```python
import json, glob
from collections import Counter
n, ms = Counter(), Counter()
for f in glob.glob("Streaming_History_Audio_*.json"):
    for r in json.load(open(f, encoding="utf-8")):
        a = r["master_metadata_album_artist_name"]
        if a and "2024-01-01" <= r["ts"] < "2024-11-16" and r["ms_played"] >= 30000:
            n[a] += 1
            ms[a] += r["ms_played"]
print(n.most_common(5))
print([(a, t // 60000) for a, t in ms.most_common(5)])
```

Idzatulutsa mizere iwiri. Woyamba ndi oyimba asanu apamwamba potengera maulendo, wachiwiri ndi asanu apamwamba potengera mphindi. Pa chitsanzo chathu chija, mzere woyamba udzaika pamwamba woyimba kanyimbo ka mwana ndi maulendo 600, wotsatira wokondedwa wanu ndi 300, kenako wodumphidwa uja ndi 200. Mzere wachiwiri udzatembenuza: wokondedwa wanu 2400, wa mwana 1200, wodumphidwa 133. Mukaona kuti mzere woyamba ukufanana ndi chidule chanu pomwe wachiwiri ukufanana ndi zimene mumayembekezera, yankho mwalipeza, ndipo palibe chimene chinawonongeka.

Musayembekezere kuti manambala afanana ndendende ndi a m'chidule. Tsiku lotsekera limene ndaika m'mizeremo ndi longoyandikitsa, ndipo mungathe kulisuntha masiku angapo uku ndi uku kuti muone ngati mndandanda ukusintha. Fayiloyi imalemba dzina limodzi la woyimba pa nyimbo iliyonse, choncho oitanidwa saoneka. Ilinso ndi zimene munamvera mobisa, zimene zimadziwika ndi `incognito_mode` ikakhala `true`. Kusiyana kwa malo amodzi pakati pa oyimba awiri oyandikana maulendo si kanthu. Chofunika kufufuza ndi dzina limene lili pamwamba pa mizere yonse iwiri koma inu simukulidziwa.

Zikatero, yang'anani mizere ya woyimba ameneyo yokha. Ngati nthawi zake zaunjikana pakati pa usiku, pa masiku ochepa, nyimbo zikutsatizana popanda kudumpha ndipo `reason_start` ikungonena `trackdone`, kutanthauza kuti nyimboyo inayamba yokha inzake itatha, ndiye kuti munagona. Zimene munasankha ndi chala chanu zimalembedwa `clickrow`. Ngati `platform` ikusonyeza chipangizo chimene simunakhalepo nacho, kapena `conn_country` ikutchula dziko limene simunapondeko, bwererani ku nkhani ya pasiwedi ija. Ngati `ms_played` ikungozungulira pa 30000 mpaka 50000 ndipo `reason_end` ndi `fwdbtn`, ndi nyimbo imene munkaidumpha mochedwa.

Amene alibe kompyuta angathe kuona zochepa pa mbiri ya zimene zalira posachedwa m'pulogalamu momwemo. Siibwerera kutali, koma imakwana kugwira munthu amene akugwiritsabe ntchito akaunti yanu panopa.

Manambala awiri amene amaoneka ngati bodza

Loyamba ndi uthenga wakuti muli m'gulu la 1 peresenti ya omvera kwambiri woyimba wakutiwakuti, pomwe inu mukuona kuti simunamumvere kwambiri chotero. Akukuyerekezani ndi aliyense amene anamumverako chaka chimenecho, ndipo ambiri mwa iwo anangomva nyimbo imodzi itadutsa pa mndandanda wina. Woyimba akakhala ndi omvera 1,000,000, gulu la 1 peresenti ndi anthu 10,000, ndipo kumvera chimbale chake kangapo pamwezi kungakulowetseni m'gululo.

Lachiwiri ndi kusiyana pakati pa mapulogalamu. Amene analumikiza akaunti yawo ku Last.fm, tsamba la pa intaneti limene limasunga mbiri ya nyimbo zimene munthu wamvera, amadabwa kuti manambala a kumeneko ndi otsika kapena asanjidwa mwina. Lamulo lake ndi lina: nyimbo iyenera kukhala yotalika kupyola masekondi 30, ndipo imawerengedwa ikalira theka lake kapena mphindi 4, chimene chayamba kukwana. Nyimbo yathu yodumphidwa pa sekondi ya 40 ija ku Spotify ili ndi maulendo 200, ku Last.fm ilibe ngakhale umodzi. Apple Music nayo imanena kuti Replay imaganizira maulendo komanso nthawi imene munathera pa nyimboyo, choncho munthu yemweyo womvera zomwezo angathe kupeza woyimba woyamba wosiyana pa mapulogalamu awiriwa.

Chidule chikatuluka sichisinthikanso. Kuchotsa nyimbo pa mndandanda, kutulutsa zipangizo za ena kapena kupatula mndandanda wa nyimbo za ana mu Disembala sikufufuta maulendo amene anawerengedwa kale. Zimene mwakonzazo ziyamba kuoneka pa kuwerenga kumene kuyambe pa 1 Januwale, ndiye ndi bwino kuzimaliza tsikulo lisanafike.